Jira wanga ankapserera nditamuphula kale pamoto

Kwa nthawi yaitali ndithu nyemba zanga zinkatuluka ndi kakuwawa kenakake kumapeto, osati kuwawa kwa tsabola ayi, koma kuja kokhala ngati watafuna tsamba la nimu, ndipo sikamveka nthawi yomweyo, kamabwera utameza kale nkukhazikika kukhosi. Ndinayamba ndaganizira tomato, kenako mafuta, kenako ndinati mwina jira, tinjere tokometsera ndiwo tija pa Chingerezi amati cumin, amene ndinagula ku Limbe ndi wakale. Ndinakagula wina shopu ina, zomwezo. Chomwe chinkandipweteka mtima nchoti fungo lake ndikamakazinga linali labwino kwambiri, nyumba yonse kununkhira, ana mpaka kubwera kukhitchini kudzafunsa kuti lero kuli chani, koma zikafika m'mbale basi kakuwawa kaja kali pompo.

Anandimasula ndi azakhali anga. Iwowa anagwira ntchito yophika zaka zambiri pa banja lina la amwenye ku Limbe konko, ndiye za jira, koriyanda, methi uja pa Chingerezi amati fenugreek ndi zina zotere amazidziwa ngati mmene ife timadziwira nsinjiro. Atabwera kudzacheza anakhala pa mpando kukhitchini akundiyang'ana osayankhula kanthu. Ndinaika chiwaya pa mbaula, ndinathira jira ndi koriyanda pamodzi, kutakasa, fungo litakwera ndinaphula chiwaya nkuchiika pansi pa simenti, ndikutembenuka kuti ndikatenge kamtondo. Pamenepo mpamene anayankhula.

"Iwe mwana, wasiya chani m'chiwayamo?"

"Ndaphula kale azakhali, zapsa."

"Waphula chiwaya. Jirayo sunamuphule. Tagwira chiwayacho uone ngati chazizira."

Sindinachigwire chifukwa chinali moto weniweni. Anandiuza kuti ndiwerame ndinunkhize, ndipo zoonadi fungo linali litasintha kale, lija lokoma la ngati mtedza litayamba kuphimbidwa ndi lina lolasa m'mphuno. Pansi pa chiwaya njere zimene zinagona osasuntha zinali zitada mbali imodzi. Masekondi mwina 40 okha amene ndinatembenuka aja.

Nkhani yonse yagona pamenepa. Chitsulo chimasunga kutentha, ndipo chiwaya chikakhala chochindikala chimasunga kwambiri. Ukachichotsa pamoto chimapitirizabe kuwotcha, ndipo nthawi imeneyo ndi yoopsa kuposa chili pamoto chifukwa wasiya kutakasa, mtima wakhala pansi, ukuganiza kuti wamaliza. Ndiye lamulo loyamba la azakhali, limene sindinaliphwanyeponso, nloti mbale yopanda kanthu, youma, yotakata, ikhale pambali pa mbaula usanathire njere ngakhale imodzi m'chiwaya. Zikapsa umakhuthulira m'mbalemo nthawi yomweyo nkuzimwaza kuti zisaunjikane. Kuunjikana nakonso kumasunga kutentha pakati pa muluwo.

Tikati kukazinga apa sitikunena za mafuta. Ndi kukazinga kuja kwa pa phale, mmene amayi ankakazingira mtedza kapena chimanga, chouma pa chouma. Kusiyana kwake nkwakuti mtedza ndi waukulu, umakupatsa mpata, ukhoza kuyang'ana kumbali pang'ono. Njere ya jira ndi kanthu kakang'ono, kowonda, kosongoka mbali zonse ziwiri, ndiye kutentha kumakadutsa mofulumira.

Nanga timakazingiranji, osangosinja zosakazinga? Fungo la zokometsera zimenezi limakhala m'timafuta tochepa kwambiri timene tili m'timitsempha ta njere, timafuta touluka tikatenthedwa. Njere ikatentha timafuta timeneti timayamba kutuluka, nchifukwa chake fungo limakwera. Chinyezi chimene chinali mkati chimaumanso, njere nkukhala yophwanyika msanga, moti kusinja kwake sikuvuta. Koma chachikulu ndi chachitatu: kutentha kukafika cha m'madigiri 140 kupita m'mwamba, tishuga ndi timapuloteni ta m'njere timayamba kusakanikirana nkupanga fungo latsopano limene munalibe poyamba. Izi anazilongosola koyamba wasayansi wa ku France, Louis-Camille Maillard, mu 1912, ndipo ndi zomwezo zimene zimapangitsa mtedza wokazinga kununkhira mosiyana ndi wauwisi, kapena khungu la buledi kufiira. Vuto ndi loti msewu wake ndi umodzi womwewo. Ukapitirira pang'ono, kufiira kuja kumasanduka kupserera, ndipo zopserera zimawawa. Palibe chikwangwani pakati, iweyo ndi mphuno yako basi.

Komanso tisanamizane, kukazinga sikuti kumangowonjezera. Fungo limene ladzaza nyumba lija latuluka m'njere, silibwereranso. Koriyanda wosakazinga ukamuphwanya amamveka kafungo ka ngati khungu la lalanje, ukamukazinga kafungo kameneko kamachepa, m'malo mwake mumabwera kamtedzamtedza. Ndiye ndi kusinthanitsa. Ine pa nsomba ndimakonda koriyanda wongofunditsa pang'ono kuti kalalanje kaja katsale, pa nyemba ndi nyama ya mbuzi ndimafuna wokazinga bwinobwino.

Tsopano mmene ndimapangira masala anga a nyemba, amene amandikwanira mapoto 6 kapena 7. Ndimatenga masupuni akuluakulu awiri a koriyanda, supuni yaikulu imodzi ya jira, supuni ya tiyi imodzi ya tsabola wakuda wanjere, ndi methi kotala chabe ya supuni ya tiyi. Zochepa dala. Ukakazinga zambiri nthawi imodzi zimasanjikizana, zapansi zikupsa zapamwamba sizinayambe, ndiye muyezo wake ndi woti njere zikathiridwa zizikwana kuyala mzere umodzi, pansi pa chiwaya pazioneka apo ndi apo.

Ndisanayatse nkomwe moto ndimayamba ndazipeta pa lichero, chilichonse pachokha. Izi anthu ambiri amadumpha koma ine ndimati ndi theka la ntchito. Mu paketi ya jira mumakhala fumbi, timitengo tating'onoting'ono, tizidutswa ta njere zosweka, nthawi zina timiyala. Tinthu timeneti ndi timene timayamba kupserera njere zenizeni zisanafunde nkomwe, ndiye ukhoza kukazinga molondola koma masala nkuwawabe chifukwa cha fumbi lapserera lija. Mukadzathira jira wosapeta m'chiwaya chotentha mudzayang'ane, muona timadontho takuda tikuoneka pansi masekondi oyambirira omwe. Kuwawa ndi kumeneko. Chiwayanso chikhale chouma komanso chopanda mafuta a dzulo, chifukwa kamafuta kotsalira kamafuka utsi nkumata fungo lake pa njere.

Za moto. Pa gasi kapena pa kuka ya magetsi ndi pakatikati kutsikira pansi. Pa hotipuleti samalani chifukwa ukachepetsa siimvera msanga, imakhalabe yotentha kwa kanthawi, ndiye kumeneko chochepetsera moto ndi dzanja lako, kunyamula chiwaya m'mwamba. Pa mbaula, pamene ine ndimaphikira masiku ambiri, osakazinga makala akangoyaka kumene ali lawilawi. Ndimadikira ayambe ayera phulusa pamwamba, kapena kungodikira ndimalize kuphika nsima, moto wotsalawo ndi umene uli woyenera. Kuti ndidziwe ngati chiwaya chafika ndimadonthezapo kadontho ka madzi. Kakalira kuti tsii nkuuma m'masekondi ochepa, zili bwino. Koma kakapanga kampira nkumathamangathamanga pamwamba osauma, ndiye kuti chitsulo chili cha m'madigiri 200 kapena kuposa, chatenthetsa, ndimachichotsa kaye chipume. Ndikatero ndimadikira madzi aja aumiretu.

Chiwaya chabwino ndi cholemera, chachitsulo chochindikala, ngakhale chimene chija ndati chimasunga kutentha, chifukwa chimagawa moto mofanana. Timapoto topyapyala tija timakhala ndi malo amodzi otentha kwambiri pamene khala lagunda, njere zikafika pamenepo zimada pomwe zina zili ziwisi. Ngati muli ndi kopyapyala kokhako sikuti zakanika, koma moto uchepe kwambiri ndipo dzanja lisaime.

Ndimayamba ndi koriyanda, payekha. Apa mpamene panali kulakwitsa kwanga kwachiwiri kumene azakhali anandionetsa tsiku lomwe lija, kuthira zonse pamodzi. Koriyanda ndi wozungulira, ali ndi chikhungwa, mkati muli kampata, amagubuduzika yekha ukagwedeza chiwaya, ndiye amatenga nthawi, pa moto wanga mphindi zitatu mwina zinayi. Jira amagona chafufumimba pa chitsulo ndi thupi lonse, miniti imodzi ndi theka wamaliza, akachedwetsa ziwiri. Ukaziphatikiza ndiye kuti udikira koriyanda jira nkupserera, kapena upulumutsa jira koriyanda nkutsala wamuwisi. Ena amathira motsatizana m'chiwaya chimodzi, zazikulu poyamba zazing'ono pambuyo, ndipo zimatheka kwa amene dzanja linazolowera, koma ine ndimaona kuti kukazinga chimodzichimodzi kumangowonjezera mphindi zisanu basi, pomwe zikapserera wataya ndalama ndi ndiwo zomwe.

Koriyanda akalowa, miniti yoyamba sipachitika zambiri, fungo lake limakhala la ngati udzu wouma. Ndimagwedeza chiwaya kapena kutakasa ndi chipande osalekeza. Kenako kalalanje kaja kamakwera, mwina njere imodzi kapena ziwiri kuthetheka. Mtundu umachoka pa kuyererako kupita ku kufiirira ngati khungu la mtedza wokazinga, osati mofanana ndendende, zina zimatsogola. Ndikaona choncho ndimatola njere imodzi nkuikanikiza ndi kumbuyo kwa supuni pa thabwa. Ikangoti phwa mosavuta nkumwazika, yapsa. Ikamakana, kumangophwatalala, idakali ndi chinyezi. Yakupsa ndimakhuthulira m'mbale.

Tsabola wakuda ndi wovuta mwa njira ina, chifukwa ndi wakuda kale, maso sakuthandiza. Pamenepo ndi mphuno ndi makutu. Pakatha miniti imodzi kapena ziwiri njere zimayamba kudumphadumpha pang'ono, fungo lake nkukugunda m'mphuno ngati ufuna kuyetsemula, ndimachotsa pomwepo.

Ndiye jira. Ndisanamuthire ndimachotsa kaye chiwaya pamoto mwina theka la miniti, chifukwa pofika apa chakhala pamoto nthawi yaitali ndipo chatentha kuposa mmene chinayambira. Ichi nchifukwa chake gulu lachiwiri ndi lachitatu limapsa msanga kuposa loyamba, ndipo amene amadalira wotchi yokha amapusitsika pamenepa. Jira akalowa sindiyankha foni, sindiyang'ana mwana, sindipita kukatenga kanthu. Poyamba amanunkha fungo lake lija lamphamvu, lokhala ngati la thukuta, limene anthu ena amadana nalo. Kenako limafewa, limakhala lofunda, kamtedza nkulowamo. Mtundu umachoka pa kutuwa kobiriwirako nkufika pa kufiirira ngati tiyi wothira mkaka pang'ono. Timizere take timaoneka bwino, njere zimawala pang'ono. Nsonga zake ndi zimene zimayamba kuda, ndiye ine ndimayang'ana nsongazo. Kautsi kopyapyala kakangoyamba kuoneka sindidikiranso, ndi m'mbale basi. Azakhali amati uzichotsa pamene mtima ukukuuza kuti patsala pang'ono, chifukwa pang'ono pamenepo pamalizikira m'mbale.

Methi ndiye ndimamuopa. Ndi tinjere tachikasu, tolimba ngati timiyala, towawa kale mwachibadwa. Ukamukazinga pang'ono kuwawako kumachepa ndipo amatulutsa kafungo kotsekemera ngati shuga wowotcha, kamene kamapangitsa nyemba kumveka ngati za pa ukwati. Koma akangopitirira nkufiira kwambiri, kuwawa kwake kumaposa kwa poyamba, ndipo kotala ya supuni yomweyo ikhoza kuononga poto yense. Ine ndimamukazinga chiwaya chili pansi, ndi kutentha kotsalira kokha, masekondi 30 mpaka 40, chikasu chija chikangoderako pang'ono ndachotsa. Ndipo ndimamuika pakona payekha m'mbale, kuti ngati walakwika ndimutaye yekha osaononga anzake.

Mudziwa bwanji kuti zapserera musanathire mu ndiwo? Fungo labwino limakukoka kuti uwerame ununkhizenso, lopserera limakubweza, limakanda kukhosi mpaka kutsokomola. Tengani njere ziwiri zitatu zikazizira mutafune. Jira amakhala ndi kakuwawa kake pang'ono ngakhale atakazingidwa bwino, koma kamatha msanga nkusiya kukoma. Wopserera amasiya makala pa lilime ndipo sachoka ngakhale umwe madzi. Mukhozanso kuthyola njere pakati ndi chikhadabo. Ikakhala yakuda kunja koma mkati moyera, moto unachuluka, kunja kwapserera mkati musanafike kutentha. Ikakhala yofiirira mofanana kunja ndi mkati, ndiye zimenezo.

Kusiyana kumeneku nkofunika chifukwa kuda pakokha si mlandu. Ku Sri Lanka ali ndi masala awo amene amakazinga dala mpaka kuderatu ngati khofi, ena amakazingira limodzi ndi mpunga wosaphika, ndipo amaphikira nyama. Ku India nako jira wokazinga kwambiri amamusinja nkumawaza pamwamba pa yogati. Koma kuda kumeneko amakufikira pang'onopang'ono, moto wochepa, nthawi yaitali, kutakasa osaleka, kuti njere yonse isinthe limodzi. Si kuda kwa moto waukulu kwa masekondi makumi awiri.

Zikapserera musadzivute, tayani. Ndinayesapo kuthira shuga mu ndiwo, ndinayesapo kuwonjezera tomato, ndinayesaponso kusakaniza ndi zina zabwino kuti zibisale, zonsezo kumangokhala kuwawa kotsekemera kapena kuwawa kochuluka. Ngati zada ndi njere zochepa zowerengeka mukhoza kuzitola, koma utsi ukakhala kuti unadzaza chiwaya ndiye kuti fungo lalowa zonse. Pukutani chiwaya ndi kansalu kouma, chizizire, muyambirenso.

Pali zina zimene sindizikazinga nkomwe mwanjira imeneyi. Chilichonse chaufa, kaya ndi tameriki, papurika, kaya kare wa m'paketi uja, pa chiwaya chouma chimapserera m'masekondi ochepa chifukwa kanjere kalikonse ka ufa kakugunda chitsulo, ndiye zimenezo malo ake ndi mu anyezi amene ali kale ndi mafuta ndi chinyezi. Sinamoni, kadamamu ndi makolovu ndimangozifunditsa kuti zisinjike, fungo lake ndi labwino kale mmene lilili ndipo moto wambiri umangolithamangitsa. Tsabola wofiira wouma amada msanga zedi, masekondi pang'ono mbali iyi, pang'ono mbali inayo, ndipo utsi wake ukakwera nyumba yonse imatsokomola, tsegulani mawindo kapena pangirani panja. Ndipo ngati mukudziwa kuti jira wanjere mumuponya m'mafuta otentha poyamba kuphika, musamukazinge kaye pouma, kumeneko nkumuwotcha kawiri.

Nyengo ya mvula zinthu zimasinthako. Njere zimayamwa chinyezi, makamaka zija zogula pa msika zomanga m'timapepala ta pulasitiki, ndiye zikalowa m'chiwaya zimayamba zatulutsa nthunzi kaye, fungo limachedwa, iwe nkuganiza kuti moto wachepa nkuwonjezera. Musawonjezere. Zipatseni miniti ina pa moto womwewo, chinyezi chikatha zimathamanga mofulumira kwambiri ndipo pamenepo mpofunika maso. Zikakhala kuti zikununkha nkhungu, moto sungazikonze.

Zikakhala m'mbale ndimazisiya mphindi 10 kapena 15 mpaka ndizigwire osamva kufunda. Ukasinja zotentha timafuta tija timakhala tidakali tofewa, ufa umamatirira ku munsi, fungo lambiri nkuthawa ndi nthunzi. Zikazizira zimaphwanyika ngati galasi. Ndimayamba ndi methi ndi tsabola wakuda chifukwa ndi zolimba, kenako koriyanda, jira kumapeto, ndipo kamchere pang'ono kokhakhala kamathandiza kuti zisathawethawe mu mtondo. Makoko a koriyanda ena amakana kusalala, ofuna ufa wosalala asefe, ine pa nyemba ndimawasiya. Botolo likhale lagalasi, louma, lotseka bwino, ndipo osatseka ufa udakali wofunda chifukwa umachita thukuta mkati nkuumbika. Lisakhale pa windo kapena pafupi ndi moto. Ufa wokazinga sukhalitsa ngati njere zathunthu, ine pakatha masabata atatu kapena anayi ndimamva kuti wayamba kugona, nchifukwa chake ndimapanga zochepa.

Pophika nyemba zokwana banja langa ndimathira supuni ya tiyi imodzi ndi theka, koma osati nthawi imodzi. Supuni imodzi imalowa anyezi akafewa, nditachepetsa moto, ndipo tomato amatsatira pasanathe theka la miniti kuti ufa usagwire pansi, chifukwa ngakhale unakazinga bwino chotani ukhoza kudzapsererabe pamenepa. Theka lotsalalo ndimawaza nditatsala pang'ono kuphula, nkuvundikira.

Azakhali atabweranso miyezi ingapo pambuyo pake sanafunse za nyemba, anangolowa kukhitchini nkutsegula botolo, kutsina kaufa nkuika pa lilime. Anakhala kaye chete akumvetsera, kenako anati jira ali bwino koma koriyanda ndamuchotsa msanga, ndimuonjezere theka la miniti. Ndinakatenga lichero, iwo anakoka mpando kufupi ndi mbaula, tinapeta masupuni awiri ena.